Kulemba funso loyesa lamulo la akawunti

"Ndingalembe bwanji funso loyesa ngati ophunzira akutha kugwiritsa ntchito lamulo la akawunti, osati kungoliloweza?"

Khalani ndi lamulo limodzi ndi tsiku lotsekera mabuku. Tiyesere lamulo lakuti ndalama yolipiriratu iwerengedwe m'chaka chomwe yagwira ntchito.

1. Lembani nkhani ya ziganizo ziwiri, osatchula lamulolo: "Pa 1 Okutobala kampani inalipira inshuwalansi ya miyezi 12, ndalama zokwana 1,200. Mabuku amatsekedwa pa 31 Disembala."
2. Funsani chinthu chimodzi: "Ndi zingati zomwe zilowe mu zowononga za chaka chino?"
3. Werengerani nokha. Pamwezi ndi 100, miyezi ndi 3, yankho ndi 300. Zotsala 900 zilembedwa ngati chuma cha kampani.
4. Mayankho olakwika achokere pomwe ophunzira amapunthwa. 1,200 ikola wongotsata ndalama yotuluka, 900 ikola wotembenuza zowononga ndi zotsala, 200 ikola woiwala Okutobala.

Ambiri amalakwitsa pa sitepe 1. Mukalemba Julaye m'malo mwa Okutobala, mbali zonse zikhala 600, ndiye wotembenuza uja akhozanso.