Invesi ya f(x) = (2x+3)/(x−1) osasokoneza domeni ndi renji

Anzanga, mukakumana ndi f(x) = (2x+3)/(x−1) lembani y = (2x+3)/(x−1), chulukitsani mbali zonse ndi x−1 mupeze xy − y = 2x + 3, kenako ma x onse muwasonkhanitse mbali imodzi, x(y−2) = y+3. Gawani mbali zonse ndi y−2, kenako sinthanitsani x ndi y, basi invesi yatuluka, f⁻¹(x) = (x+3)/(x−2).

Pomwe ambiri amagwa mpa renji. Domeni ya f ndi manambala onse kupatula 1 poti pansipo pangakhale ziro. Renji yake ndi onse kupatula 2, yesani kuika y = 2 muone, mupeza 2x−2 = 2x+3 zomwe sizingatheke olo pang'ono. Ku invesi zimangosinthana, domeni x ≠ 2, renji y ≠ 1. Kuti mutsimikize, f(2) = 7 ndiye f⁻¹(7) ikuyenera kubweza 2, ikapanda kutero fufuzani sayini.