Momwe mungalembere chikalata cha mfundo zanu za kaphunzitsidwe pofunsira ntchito

Masukulu ena a pulayiveti ndi makoleji akalengeza ntchito ya uphunzitsi amafuna tsamba lina kupatula kalata yofunsira ntchito ndi masatifiketi. Pa chidziwitsocho amalemba kuti Statement of Teaching Philosophy. Dzinalo lisakuopseni. Akufuna kudziwa zimene mumachita mukaima kutsogolo kwa kalasi, chifukwa chake, ndi momwe mumadziwira kuti ana amva. Tsamba limodzi ndi lokwanira, mukachulutsa awiri.

Musanalembe, fukulani faelo yanu ya nthawi yoyeserera kuphunzitsa ija, muwerengenso mapulani a phunziro ndi ndemanga zimene alekichala analemba atabwera kudzakuonererani. Sankhanimo phunziro limodzi limene linavuta kenako n'kutheka. Chikalata chonse chitsamira pamenepo.

Apa ndiye ine ndinagwa chagada. Nditangolandira digiri, ndinalemba masamba awiri odzaza mayina a Piaget ndi Vygotsky, ndi ziganizo zonga "ndimakhulupirira kuti wophunzira azikhala patsogolo" komanso "ndimakonda ntchito ya m'magulu". Ziganizo zina ndinachita kugula. Pa sitolo ina yotayipira makalata panali mnyamata wogulitsa zolemberatu, amangosintha dzina n'kukuuzani mtengo wokwanira ndiwo za sabata yonse. Musayerekeze. Tsiku la intavyu amayi ena achikulire anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwati mumakonda magulu. Ana 80, mabuku khumi, mphindi 40. Mumawagawa bwanji, ndipo wosalankhula uja mumamudziwa bwanji kuti wamva?" Ndinangoti kukamwa yasa. Choipa kwambiri, atandipatsa choko kuti ndiphunzitse pang'ono, ndinalankhula ndekha mpaka nthawi kutha, chikalata changa chikunena zina patebulo pawo. Ntchitoyo inandidutsa.

Ndiye lamulo limene ndinatolapo ndi ili: chiganizo chilichonse choyamba ndi "ndimakhulupirira" chitsatidwe ndi zimene munachitadi. Onani momwe ndinalemberanso ndime yanga yapakati, ngakhale chikalata chenichenicho chinali m'Chingelezi:

"Ndimakhulupirira kuti mwana amagwira masamu akayambira pa zimene akudziwa kale. Ana anga a Fomu 1 pa sukulu ina yoyendera ankati -3 - 5 yankho lake ndi 2, ena -2. Ndinasiya kaye malamulo a zizindikiro n'kuwafunsa kuti munthu wa ngongole ya K300 pa golosale akakongolanso K500, ngongole yake ikhala zingati. Onse anati K800, ndipo -8 anaipeza okha. Kutangotsala mphindi zisanu kuti belu lilire ndinapereka mafunso atatu, aliyense ayankhe payekha pa kapepala, ndipo mapepalawo anandionetsa amene ndiyambe nawo mawa lake."

Ndime imodzi yomweyo yanyamula chikhulupiriro, njira ndi umboni. Ndinawonjezanso chiganizo chovomera kuti chitsanzo cha ngongole chimafooka mukafika pochulukitsa nambala ziwiri za mayinasi, kotero pamenepo ndimalembetsa ana mndandanda wa 3 × -2, 2 × -2, 1 × -2, 0 × -2, aone okha kuti mayankho akukwera ndi 2 mpaka -1 × -2 kukhala 2. Kuvomera malire a njira yanu sikukuchotserani mamalikisi. Amene anagwirapo choko amadziwa kuti palibe njira yothana ndi zonse, ndipo akaona mwatchula pamene yanu imathera amadziwa kuti munaiyesadi. Koma musatchule dzina la mwana aliyense, ndipo musapeke manambala a amene anakhoza. Akakufunsani mudzatuluka thukuta.

Mukamaliza ndime yapakatiyo, lembani yoyambirira. Ziganizo zitatu basi: phunziro lanu, makalasi amene munaphunzitsa, ndi chimene mumafuna mwana azitha akachoka m'manja mwanu. Zoti "kuyambira ndili mwana ndinkalakalaka uphunzitsi" zisiyeni, aliyense amalemba zomwezo. Dzina la katswiri mmodzi likhoza kulowa, bola mukutha kufotokoza mfundo yake osayang'ana pepala.

Kenako ikani ndime yaifupi ya momwe mumasamalira kalasi ndi momwe mumathandizira otsalira m'mbuyo. Igwirizane ndi sukulu imene mukufunsirako ntchito: kumene ana amalemba MSCE sikofanana ndi kumene amalemba mayeso a Cambridge, ndipo mwina kalasi yake ndi ya ana 25, osati 80. Ndime yotsiriza inene chimodzi chimene mukufuna kuphunzirabe.

Zotsalazo ndi zachidziwikire. Mnzanu wa Chingelezi akuwerengereni, sungani ngati PDF kuti zisasokonekere pa foni ya ahedi, ndipo dzina lanu likhale pa faeloyo. Ngati akufuna pepala, yang'anitsitsani musanalipire, chifukwa malo ena inki ikamatha amangokupatsani zotuwa pa mtengo womwewo. Sindikizani awiri, limodzi mudzaliwerenge m'minibasi popita ku intavyu.