Chatiboti ikayamba kuiwala malangizo, musakangane nayo

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Sitandade 7 akukonza mafunso 60 a phunziro la Chichewa pogwiritsa ntchito chatiboti, pulogalamu imene mumailembera n'kukuyankhani, monga ChatGPT, Gemini kapena Claude. Poyamba wapereka malamulo anayi: zonse zilembedwe m'Chichewa, funso lililonse likhale ndi mayankho anayi osankhapo, yankho lolondola lisaonetsedwe, ndipo mafunso achokere m'ndime zomwe iye waikamo basi. Mafunso oyambirira atuluka bwino. Kenako waikamo ndime zina zitalizitali, wakonzetsa apa ndi apo, ndipo pofika funso la 40 mayankho osankhapo atsala atatu, lolondola lalembedwa pansi pake, Chingerezi nacho chalowerera.

Ambiri zikatere amayamba kukalipa. Sizithandiza, chifukwa vuto lili m'kapangidwe ka makinawa.

Chatiboti sikumbukira monga munthu. Nthawi iliyonse mukatumiza uthenga, imawerenganso zokambirana zonse kuchokera pamwamba, kenako n'kuyankha. Koma malo owerengerawo ali ndi malire, ndipo amayezedwa ndi tizidutswa ta mawu totchedwa matokeni. Zili ngati bolodi la m'kalasi: likadzaza, mumafufuta zapamwamba kuti mulembe zatsopano. Mapulogalamu ena amadula mauthenga akale, ena amawafupikitsa, ndipo ena amangokuuzani kuti muyambe kukambirana kwina. Ife olemba m'Chichewa malowa amatithera msanga, popeza mawu athu amadulidwa m'matokeni ambiri kuposa a Chingerezi.

Ngakhale malo asanadzaze, malangizo amatha kumira. Kafukufuku wa mu 2023, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Stanford, anapeza kuti makinawa amagwiritsa bwino ntchito zomwe zili koyambirira ndi kumapeto kwa zolemba zazitali, koma zapakati amaziphonya kawirikawiri. Ndiye lamulo limene munaliwonjezera mongodutsa pakati pa nkhani ndi lomwe limatayika msanga.

Choyamba, fufuzani ngati simunasokoneze nokha. Mwina pa funso la 25 mphunzitsi uja anapempha kuona yankho la funso limodzi lokha, ndipo chatiboti inatenga pempholo ngati lamulo latsopano. Zikakhala choncho, nenani momveka kuti zinali za funso lomwelo basi. Ngati simukupeza chosokoneza, iuzeni kuti ilembe malamulo onse amene ikutsata. Musaifunse ngati ikukumbukira, chifukwa kuvomera n'kosavuta kwa iyo. Ikalemba onse anayi molondola, ndiye kuti alipo koma angomira, ndipo kuwabwereza kumakwanira. Ikasiya ena kapena kupeka ake, nthawi yoyamba kukambirana kwatsopano yakwana.

Pobwereza, lembani malamulo onse mu uthenga umodzi, pamodzi ndi ntchito yotsatira. Mawu oti "chita monga ndinanenera paja" alibe ntchito ngati "paja" panafufutika kale. Ndi bwinonso kunena zoyenera kuchita m'malo mongoletsa: "mayankho osankhapo akhale anayi, A mpaka D" n'komveka kuposa "usachepetse mayankho". Muikeponso funso limodzi labwino la koyambirira kuti likhale chitsanzo.

Pali chinthu china chomwe ambiri sachilabadira. Yankho lolakwika likatsala m'zokambirana, chatiboti imaliwerenganso ulendo uliwonse n'kumalitsanzira. Mafunso asanu a mayankho atatu amakoka lachisanu ndi chimodzi kuti likhale chimodzimodzi. Choncho, m'malo modzudzula pansi pake, bwererani ku uthenga wanu umene unabala cholakwikacho, musinthe pogwiritsa ntchito batani la Edit, muwonjezere malamulo, n'kutumizanso. Zolakwika zija zimachoka m'njira.

Mukaganiza zosamuka n'kuyamba kukambirana kwatsopano, musapite chimanjamanja. Koperani mafunso 39 abwino aja muwasunge panokha. Mu New chat ikani malamulo anayi pamwamba, mitu yomwe yafunsidwa kale kuti isabwerezedwe, chitsanzo chimodzi, ndi ndime yokhayo imene mukuigwirira ntchito tsopano. Mungauze chatiboti yakale kuti ikulembereni chidule, koma muchiwerenge ndi diso lakuthwa: yoiwala malamulo ingaiwalenso mfundo.

Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ndi kusadikira kuti zifike pamenepo. Ntchito ya mafunso 60 igaweni patatu, gawo lililonse m'kukambirana kwake. Malamulowo asungeni m'kabuku ka pafoni kuti muzingokopera. Amene mumawafuna tsiku ndi tsiku, monga chilankhulo, aikeni mu Custom instructions pa ChatGPT, kapena mu Projects pa ChatGPT ndi Claude, kapena mu Gems pa Gemini, popeza zolembedwa mmenemo zimaperekedwa kwa chatiboti pa kukambirana kulikonse kwa malowo. Ngakhale zili choncho, mapepala asanapite kosindikiza, werengani funso lililonse ndipo muwerengetse mayankho ake ngati alidi anayi.