Momwe mungaodere zovala pa shopu yathu yatsopano ya pa intaneti ku Dedza

Kuyambira sabata ino, simufunikanso kukwera minibasi kuchokera ku Linthipe, ku Chimbiya kapena ku Lizulu pofuna kungosiya miyezo kwa ife pano pa boma la Dedza, chifukwa tatsegula shopu ya pa intaneti yomwe ikuyenda kudzera pa WhatsApp. M'mwezi woyambawu, amene asoketse zovala ziwiri adzalipira theka la mtengo pa chovala chachiwiri, ndipo zipi, mabatani ndi nsalu ya m'kati tiziika mwaulere. Magulu a chinkhoswe kapena ukwati oposa anthu 5 sadzalipira ndalama yotumizira katundu.

Poyamba lembani uthenga pa nambala yomwe ili pachikwangwani cha shopu yathu, tsegulani zithunzi za masitayilo, ndipo mutitumizire nambala ya sitayilo yomwe mwaikonda. Mutiuzenso ngati nsalu ndi yanu kapena tikugulireni. Siketi yowongoka imakwana ndi chitenje chimodzi cha mamita 2, pomwe diresi lalitali la manja limafuna mamita 4. Ngati mukugula nokha, nyowetsani kansonga ka nsaluyo n'kukatikita pa kansalu koyera, pakuti pali ogulitsa ena a m'misika amene amalumbira kuti nsalu yawo ndi yeniyeni pomwe imasuluka tsiku loyamba kuchapa.

Gawo lofunika kulisamalira kwambiri ndi la miyezo, ndipo ndichedwapo chifukwa mpamene ndinagwa nayo pomwe ndinkayeserera ntchitoyi. Mayi wina wa ku Ntcheu ananditumizira miyezo ya diresi la chinkhoswe motere: chifuwa 29, chiuno 26, mahipi 32. Popeza manambalawo ankagwirizana bwino, ndinaganiza kuti diresilo ndi la mtsikana wamng'ono thupi, ndipo ndinadula nsalu osafunsa. Litafika, silinadutse n'komwe m'mapewa. Mayiwo anaimba foni ali okhumudwa, nati: “Atelala, ine ndayeza ndendende momwe munanenera, nanga chalakwika n'chiyani?”

Nditawapempha kuti ajambule tepi yawo, ndinaona kuti vuto linali tepiyo. Pali matepi ena otchipa omwe mbali yooneka ngati ya mainchi ili ndi muyezo wa Chitchaina, womwe gawo limodzi ndi masentimita pafupifupi 3.3, pomwe inchi yeniyeni ndi masentimita 2.54. Miyezo yawo yoona inali 38, 34 ndi 42, kutanthauza kuti m'chiuno mokha diresilo linaperewera ndi mainchi 8. Chovala chachikulu chimabwezeka, koma nsalu yodulidwa mopereweza chotere ilibe mankhwala, choncho ndinagula mamita 4 ena ndi ndalama za m'thumba mwanga n'kusoka usiku wonse kuti chinkhoswe chisawapite.

N'chifukwa chake tikupempha kuti musanayeze, muyang'ane tepi yanu mbali zonse ziwiri. Pa tepi yabwino, utali wofika pa nambala 10 ya mainchi umafanana ndi masentimita 25 ndi kachidutswa, koma ukafanana ndi masentimita 33, tepiyo musaigwiritse ntchito. Njira yachidule ndi yotitumizira miyezo yonse m'masentimita, pamodzi ndi chithunzi cha tepi ili m'chiuno, nambala ikuoneka. Musadziyeze nokha, chifukwa mukawerama kuti muwerenge nambala tepi imasuntha; pemphani mnzanu akuyezeni mutaimirira chilili, ndipo pakati pa tepi ndi thupi pazilowa chala chimodzi chokha. Ngakhale kuno kuzizire chotani, vulani juzi poyeza, ndipo musawonjezere kanthu pa nambala yomwe mwapeza, popeza malo opumira timawonjezera tokha podula. Timafuna chifuwa, chiuno, mahipi pamalo potambalala kwambiri, mapewa, utali wa mkono, ndi utali wa chovala kuchokera paphewa.

Tikagwirizana mtengo, lipirani theka kudzera pa Airtel Money poimba *211# kapena pa TNM Mpamba poimba *444#. Musanalembe nambala yanu yachinsinsi, onetsetsani kuti dzina lomwe latuluka ndi lomwe takuuzani, ndipo wina akakuimbirani kuti nambala yolipirira yasintha, musatumize kanthu. Ndalama yodula potapa kwa ajenti ndi ya ife, musaiwonjezere.

Kusoka kumatenga masiku 7, kupatula pomwe magetsi avuta. Chovala chikatha timakutumizirani chithunzi, mumamaliza theka lotsalalo, kenako timachipereka pa minibasi ya mumsewu wa M1 n'kukuuzani nambala ya galimotoyo. Okhala pafupi akhoza kudzatenga okha ku shopu, ndipo chovala chikafuna kubweza pang'ono timakonza mwaulere mkati mwa masiku 14.