Momwe ndinakonzera kuwerenga Mwezi pa njira ya tsiku limodzi chaka chimodzi

Okhulupirira nyenyezi amatenga tsiku lililonse lotsatira kubadwa kwa munthu ngati chaka chimodzi cha moyo wake. Popeza Mwezi wa kuthambo umayenda madigiri 12 mpaka 15 patsiku, pa njirayi umasuntha pafupifupi digiri imodzi pamwezi wa pakalendala, n'kuzungulira thambo lonse m'zaka 27 ndi miyezi ingapo.

Ndinkawerengera munthu wobadwa pa 10 Malichi 1990 nthawi ya 04:00 GMT, ndipo pofuna chaka cha 2020, chomwe anakwanitsa zaka 30, ndinawerenga masiku 30 n'kufika pa 9 Epulo 1990 mu efemerisi, buku losonyeza malo a Mwezi ndi mapulaneti tsiku ndi tsiku. Yankho langa linkaposa la pakompyuta ndi madigiri pafupifupi 6 chaka chilichonse chomwe ndinayesa, ndipo kusasintha kwa kusiyanaku n'komwe kunandiuza kuti vuto linali pa nthawi, osati pa kuwonkhetsa.

Buku langa linkasonyeza malo a Mwezi a 12:00 masana, koma ine ndinkawayesa a pakati pa usiku. Ngati maola 24 ndi miyezi 12, maola awiri ndi mwezi umodzi. Pakati pa usiku pamatsogolera kubadwako ndi maola anayi, choncho malo a nthawiyo akuimira 10 Januwale 2020. Masana akubwera patapita maola asanu ndi atatu, kutanthauza 10 Julayi 2020. Nditalemba 10 Julayi pamwamba pa tsamba ngati poyambira chaka chilichonse, mayankho awiriwo anagwirizana.