Momwe Mungachotsere Kuphulika kwa "Ph" M'mawu Ojambulidwa Popanda Kuwaondetsa

Munthu akamalankhula pafupi ndi maikolofoni, milomo imatseka mpweya pa "p" kapena "ph" kenako n'kuumasula kamodzi. Kamphepo kameneko kakamenya kachikopa ka mkati mwa maikolofoni, kamakakankha kutali kuposa momwe mawu enieni angachitire, ndipo chojambulidwacho chimamveka kuti "bufu!" m'mahedifoni. M'Chichewa, zilembo zovutitsa kwambiri ndi zotuluka ndi mpweya wambiri: "ph" ndi "mph" patsogolo, kenako "th" ndi "kh". Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa munene "pita" kenako "phiri", mumva nokha kusiyana kwake. "B" wa m'mawu ngati "bambo" savuta kwenikweni chifukwa satulutsa mpweya wambiri kunja.

Zinthu ziwiri zimathandiza pokonza. Kuphulikaku n'kwakufupi, kawirikawiri mamilisekondi 30 mpaka 80, ndipo mphamvu yake yambiri ili pansi penipeni pa mawu, kunsi kwa 150 Hz. Hz ndi muyeso wa kuchuluka kwa mafunde a phokoso pa sekondi imodzi: nambala yaing'ono ndi mawu okhuthala a pansi, yaikulu ndi mawu opyapyala a pamwamba. Chimene chimachititsa khutu kuzindikira kuti ameneyu ndi "ph" osati "f" chili pamwamba, kuyambira ma Hz mazana angapo mpaka masauzande. Choncho ntchito yanu ndi kudula pansi pokha, pa kanthawi kokhako, n'kusiya pamwamba osakhudza. Apa tigwiritsa ntchito Audacity chifukwa ndi yaulere, koma njira yake ndi yomweyi m'pulogalamu iliyonse yokonzera mawu.

Chifukwa chake kusefa fayilo yonse kumawononga

Ambiri amasankha fayilo yonse n'kuikapo fyuluta yodula chilichonse cha kunsi kwa 200 Hz. Kuphulikako kumachepadi, koma thupi la mawu limapita nako. Mawu a mwamuna wamkulu amayambira pakati pa 85 ndi 155 Hz, a mkazi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Mukadula pa 200 Hz ponseponse, mwachotsa tsinde la mawu a mwamuna pa chiganizo chilichonse pofuna kukonza timalo tochepa, ndipo munthuyo amamveka ngati akulankhula pa foni. Ena amatsitsa voliyumu ya chilembo chonsecho kapena kuchidula. Pamenepo "phiri" amasanduka "iri", mawu amafooka, womvera n'kumavutika kugwira zimene zikunenedwa.

Fyuluta ya fayilo yonse ili ndi malo ake, koma ikhale yotsika. Pa 70 kapena 80 Hz imachotsa kunjenjemera kwa tebulo ndi kuphulika kwakung'ono popanda kulanda zambiri pa mawu. Zotsalazo ndi za pamanja.

1. Konzekerani

Sungani kope la fayilo yoyambirira musanakhudze chilichonse. Valani mahedifoni otseka makutu onse. Masipika a laputopu ndi a foni satulutsa bwino phokoso la kunsi kwa 100 Hz, ndiye mutha kuganiza kuti zonse zili bwino pamene womvera wa m'galimoto akudzidzimuka pa "ph" aliyense.

Chitani ntchitoyi musanaike kompuresa, chida chotsitsa mawu akakwera kwambiri, komanso musanakweze voliyumu ya fayilo yonse. Kompuresa ikakumana ndi kuphulika imatsitsa mawu mwadzidzidzi, ndipo imachedwa kumasula, moti lembo la liwu lotsatira limamira nalo. Mukakonza pambuyo pake, kuphulika kumachoka koma dzenje lija limatsala.

2. Pezani pamene payambira ndi pamene pathera

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi. Mwamuna wa mawu oyambira cha pa 110 Hz wanena kuti "Phunziro lathu la lero", ndipo "Ph" woyambayo waphulika. Mawu ena onse akufika cha pa -12 dB, koma pamenepa mita yalumpha kufika pa -3 dB. Ma dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso, ndipo pa mita nambala ikayandikira 0 ndiye kuti phokoso lakula.

Dinani pamalopo n'kukulitsa chithunzi ndi Ctrl+1 mpaka mafunde aziwoneka limodzilimodzi. Muwona zinthu zitatu motsatana. Choyamba ndi kachetechete, pamene milomo inali yotseka. Kenako pali funde limodzi kapena awiri aakulu, otambalala, nthawi zambiri opendekera mbali imodzi ya mzere wapakati. Pomaliza pakubwera mafunde ang'onoang'ono obwerezabwereza mofanana, ndiwo "u". Kutambalala kwa funde n'kumene kumakuuzani zoona. Funde la 40 Hz limatenga mamilisekondi 25, pamene la 110 Hz limatenga pafupifupi 9. Mukawona funde lotambalala kawiri kapena katatu kuposa anzake a patsogolo, ameneyo ndi mpweya, si mawu.

Ngati mukukayika, sinthani mawonekedwe a thirakiyo kukhala Spectrogram. Kuphulika kumawoneka ngati kadontho kowala kokhala pansi penipeni, lembo la liwu lisanayambe.

3. Sankhani kachigawo kokhako

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuwonongekera, choncho musathamange. Yambirani kusankha mkati mwa kachetechete kaja, mamilisekondi 10 funde lalikulu lisanayambe. Kuyambira pachete kumathandiza kuti fyuluta isasiye kaphokoso ka "thi" poyambira. Malizirani pamene mafunde a "u" ayamba kufanana, osapitirira funde limodzi kapena awiri mkati mwake. M'chitsanzo chathu kuphulika kwatenga mamilisekondi 60, ndiye chosankhidwa chonse chikhala pafupifupi 80. Dinani Z kuti malire onse awiri asunthire pomwe funde likudutsa mzere wapakati.

Mukalowa kwambiri mu "u", liwulo limayamba loonda kenako n'kunenepa mwadzidzidzi pakati, ndipo khutu limagwira msanga kusinthaku kuposa kuphulika kwenikweniko. Mukalekeza msanga, mchira wa kuphulikako umatsala.

4. Dulani pansi

Tsegulani Effect, musankhe High-Pass Filter. Pa Frequency lembani 120, pa Roll-off musankhe 24 dB. Tanthauzo lake n'lakuti Hz zikatsika ndi theka kuchokera pa 120, phokoso limatsika ndi 24 dB. Pa 60 Hz latsika ndi pafupifupi 24 dB, pa 30 Hz ndi pafupifupi 48 dB, pamene kamphepo ka pamwamba kamene kamapanga "ph" katsala momwe kanalili. Funde lalikulu lija liyenera kuphwa, mita n'kubwerera cha pa -12 dB kapena kutsikirapo.

Mverani chiganizo chonse, osati kachigawo kokha, chifukwa kachidutswa ka mamilisekondi 80 pakokha sikakuuzani kanthu. Ngati "bufu" akadalipo, bwezani ndi Ctrl+Z muyesenso pa 150, kenako pa 180. Ndi bwino kubweza n'kukweza nambala kusiyana ndi kubwereza fyuluta pamwamba pa inzake, chifukwa mukatero simudziwanso kuti mwadula zochuluka bwanji. Kwa mkazi mutha kuyambira pa 150 n'kufika pa 200 osawopa, popeza tsinde la mawu ake lili pamwamba. Mukafika pa 250 vuto lisanathe, lekani kukweza, chifukwa chatsalacho si cha pansi ayi.

Roll-off ya 6 dB ndi yofatsa kwambiri, imasiya kuphulika kwambiri. Ya 48 dB imadula mwaukhondo koma pa phokoso ladzidzidzi chonchi imatha kusiya kakulira kakafupi pafupi ndi nambala yomwe mwadulira. Pakati pa ziwirizi, 24 dB ndi imene imagwira bwino nthawi zambiri.

5. Ngati patsala kanthu

Nthawi zina pansi pachoka koma chilembocho chikadali champhamvu kuposa anzake. Apa mpamene voliyumu imalowa, koma pang'ono. Sankhani poyambira penipeni pa "ph", mamilisekondi 20 mpaka 30, mutsegule Amplify, mulembe -3 kapena -4. Musapitirire -6, chifukwa kuchokera pamenepo chilembo chimayamba kusowa. Yerekezani ndi "ph" wina wa munthu yemweyo amene sanaphulike. Mukufuna kuti awiriwo afanane, osati kuti wokonzedwayo akhale wofewa kuposa onse.

Mukamva "thi" kumapeto kwa chomwe munasefa, ndiye kuti funde losefedwa silinalumikizane bwino ndi losasefedwa. Kulitsani chithunzi mpaka timadontho topanga fundelo tiwoneke, muwona kakhonde pamalumikizidwepo. Sankhani timadontho tochepa mbali zonse ziwiri, mugwiritse ntchito Repair. Imalandira timadontho tosapitirira 128, zomwe pa 48 kHz ndi mamilisekondi osakwana atatu, koma pa kakhonde kotere n'zokwanira.

Pali mtundu wina umene fyuluta singathetse. Ngati nsonga ya funde ili yophwatalala, ndiye kuti kuphulikako kunadzaza mpaka kupyola malire a chojambulira. Kuphwanyika kotere kumamwaza phokoso lokanda mpaka pamwamba, kumene fyuluta yathu sifika. Yambani ndi Clip Fix, kenako musefe. Zikakanika, pezani "ph" wabwino wotsatiridwa ndi lembo la liwu lomwelo kwinakwake m'fayilomo, mumukopere ndi kumuika m'malo mwa wowonongekayo. "Ph" wa mu "phiri" sangalowe bwino mu "phunziro", chifukwa milomo imakhala itayamba kale kukonzekera liwu lotsatira pamene ikumasula mpweya.

Pamene malo ake ndi ochuluka

Mukapeza nambala yoyenera mawu a munthuyo, Ctrl+R imabwereza fyulutayo pa malo ena aliwonse omwe mwasankha, bola ikhale chinthu chomaliza chomwe mwagwiritsa ntchito mu Effect, ndiye malo makumi awiri kapena atatu satenga nthawi. Akapitirira pamenepo, gwiritsani ntchito ikwalaiza, chida chotsitsa kapena kukweza gawo limodzi la ma Hz, yodzitsitsa yokha phokoso likakwera, monga TDR Nova, yomwe ndi yaulere. Ikani gawo lake la pansi cha pa 120 Hz, Attack ikhale yachangu, mamilisekondi awiri kapena kucheperapo, Release cha pa 60. Kenako tsitsani Threshold, malire omwe imayambira kugwira, pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzi. Iyenera kugwira pa kuphulika pokha. Mukawona ikugwedera pa "a", "o" ndi "u" wamba, mwatsitsa kwambiri ndipo yayamba kudya thupi la mawu, choncho ibwezeni m'mwamba. Malo atatu kapena anayi oipitsitsa adzatsalabe, ndipo amenewo ndi a pamanja monga tafotokozera.

Pojambula ulendo wina

Maikolofoni omvera mbali imodzi amakuza mawu a pansi munthu akayandikira kwambiri, ndipo ndi omwenso amamva kamphepo msanga. Ikani maikolofoni masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, muwasunthire pambali pang'ono kapena m'mwamba cha pamphuno, akuloza pakamwa koma mpweya ukudutsa pambali pake. Kansalu kotchinga mpweya kakhale masentimita asanu mpaka khumi kuchokera pa maikolofoni. Kakagundana nawo, mpweya umasowa mpata wobalalika ndipo umafika ndi mphamvu yake. Musanayambe, muuzeni wolankhulayo anene "phiri, mphamvu, phunziro" kangapo mukuyang'ana mita. Ikalumpha kwambiri kuposa pa mawu ena, sunthirani maikolofoni pambali masentimita ena awiri kapena atatu muyesenso.