Kalata yopereka mphamvu: zimene womutuma angachite ndi mmene mungaithetsere

Tiyerekeze kuti muli ku Joni, mukugwira ntchito, koma muli ndi nyumba ku Lilongwe yomwe inalembedwa m'kaundula wa malo m'dzina lanu. M'nyumbamo muli munthu wa lendi amene amapereka K250,000 pa mwezi. Denga likudontha, a khonsolo akufuna msonkho wawo, ndipo inu simungabwere kumudzi mwezi ndi mwezi. Mwapempha mng'ono wanu kuti aziyang'anira zonsezi, koma kulikonse kumene wapita akumufunsa kuti, "Inu ndinu ndani pa nyumba imeneyi? Mwini wake ali kuti?" Apa ndi pamene pamafunika kalata yopereka mphamvu, imene maloya amaitchula kuti pawa ofu atoni.

Kalatayi imanena kuti munthu wakutiwakuti achite zinthu zakutizakuti m'malo mwanu. Akasaina pepala motsatira mphamvu zimene mwamupatsazo, lamulo limaona ngati mwasaina ndinu. Akagwirizana ndi wa lendi kuti akhale chaka china, panganolo likukumangani inuyo, ngakhale simunalione. Koma nyumba ikadali yanu. Ambiri amasokoneza pamenepa: kalatayi sisamutsa umwini, ndipo sikulandani ufulu wochita nokha zinthu zomwezo. Mng'ono wanuyo ndi mtumiki chabe.

Kukula kwa mphamvu zake kumadalira mawu amene alembedwa. Pali kalata ya mphamvu zonse, yomwe imati munthuyo achite chilichonse chokhudza katundu ndi chuma chanu. Palinso ya ntchito imodzi kapena zingapo zotchulidwa maina. Langizo langa ndi lakuti musankhe yachiwiriyi, ngakhale wotumidwayo ndi wobadwa naye bere limodzi. Pa nkhani ya nyumba yathu ija, kalata inene kuti mng'ono wanu ali ndi mphamvu zolandira lendi, kusaina pangano la lendi losapitirira chaka chimodzi, kulipira msonkho wa khonsolo ndi kukonzetsa nyumba ndi ndalama zosapitirira K500,000 pa ntchito imodzi. Itchule nambala ya puloti monga ilili pa chikalata cha umwini, itchulenso akaunti imene ndalama zizilowa. Kenaka muonjezere chiganizo chimodzi chimene anthu amachita nacho manyazi: alibe mphamvu yogulitsa nyumbayi kapena kuiika chikole pa ngongole. Makhoti samaonjezera pa zimene zalembedwa, choncho mphamvu yotolera lendi siingasanduke yogulitsira. Komabe kulemba poyera kumatseka pakamwa aliyense wofuna kunamizira kuti sanamvetse.

Muikenso tsiku lothera. Kalata yonena kuti idzagwira ntchito mpaka pa 31 Disembala chaka chamawa imafa yokha tsikulo likakwana, ngakhale inu mutaiwala. Yopanda tsiku imakhalabe ndi mano mpaka mutaithetsa.

Pali zina zimene lamulo limafuna kwa wotumidwa ngakhale sizinalembedwe. Ndalama zanu asazisakanize ndi zake, ndipo mukamufunsa ayenera kukuonetsani mmene zayendera, ndi malisiti omwe. Sangapatsire munthu wina mphamvuzo pokhapokha kalata italola. Ngati mwamupatsa mphamvu yogulitsa, sangadzigulitse yekha nyumbayo, kapena kudutsira kwa mkazi wake pa mtengo wozizira, inu osadziwa ndi osavomera. Ndipo sangakulembereni wilo. Izi zimakupatsani poyambira mukapita kukhoti, koma kunena zoona, mlandu umabwera ndalama zitadyedwa kale.

Kasainidwe nako nkofunika. Kalata yokhudza malo isalembedwe pa pepala la mukope nkungosaina awiriwiri. Loya ailembe, ndipo musaine pamaso pa munthu amene lamulo limamulola kuchitira umboni. Mukakhala kunja, monga ku South Africa, mumasaina pamaso pa loya wotsimikizira zikalata, kenaka chikalatacho chimadindidwa chidindo chotchedwa apositili, chimene chimatsimikizira maofesi a ku Malawi kuti siginecha ya loyayo ndi yoona. Musanalipire aliyense, funsani kaye ofesi imene kalatayo ikagwire ntchito kuti imafuna yolembedwa motani. Mabanki makamaka amakonda kuti mudzazenso mafomu awoawo. Ngati kalata ili ndi mphamvu yogulitsa, kubwereketsa kapena kuika chikole malo olembedwa m'kaundula, imakalembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo, komwe kuli buku la makalata oterewa. Kumbukirani zimenezi, chifukwa tikumana nazonso pothetsa.

Tsopano tinene kuti zinthu zasokonekera. Miyezi itatu yadutsa, K750,000 ya lendi sinalowe mu akaunti. Mukaimba foni, mng'ono wanu akuti wa lendi sanapereke, pamene wa lendiyo akuti ali ndi malisiti. Choopsa china, kalata imene munasaina inali ya mphamvu zonse, ndipo mwamva mphekesera kuti kukubwera anthu odzaona nyumba.

Muli ndi ufulu wothetsa kalatayo nthawi iliyonse, bola muli ndi nzeru zanu zonse. Simufunika kupereka chifukwa, ndipo mng'ono wanu safunika kuvomereza. Vuto lili apa: kumuimbira foni nkumukalipira kuti "kuyambira lero usakhudzenso nyumba yanga" kumathetsa nkhani pakati pa inu awiri, koma pepala lija lidakali m'thumba mwake, ndi siginecha yanu ndi chidindo cha loya. Wogula amene waliona alibe njira yodziwira zimene munakambirana pa foni. Lamulo la malo olembedwa m'kaundula limateteza munthu amene wagula moona mtima, walipira ndalama, ndipo sanadziwe kuti mphamvu zinathetsedwa, ngati kuthetsako sikunalembedwe m'kaundula. Tinene kuti mwaimba foni pa 3 Marichi, mng'ono wanu nkugulitsa nyumba pa 20 Marichi, inu nkukalembetsa kuthetsa pa 2 Epulo. Wogula uja akhoza kukhala nayo nyumbayo, inu nkutsala ndi mlandu wofuna ndalama kwa m'bale wanu. Mukanalembetsa pa 10 Marichi, wogulayo sakanakhala ndi chonamizira, chifukwa kaundula ndi woti aliyense wofuna kugula amayenera kukafufuzamo.

Choncho kuthetsa kwenikweni ndi kudziwitsa, ndipo kumayamba ndi kalata ina. Loya akulembereni kalata yothetsa mphamvu. Itchule dzina lanu, dzina la amene munamutuma, tsiku limene munasaina kalata yoyamba, nambala imene inapatsidwa polembetsa ngati ilipo, ndi mawu omveka akuti mphamvu zonse za m'kalata ija zatha kuyambira tsiku lakutilakuti. Isainidwe ndi kutsimikiziridwa mofanana ndi yoyamba ija. Ngati yoyamba inadutsa kwa loya ndi kudindidwa apositili, iyinso idutse momwemo.

Ikatuluka, ithamangire kaye kumene kuli chiopsezo chachikulu. Pa nkhani yathuyi ndi ku ofesi ya kaundula wa malo kumene kalata yoyamba inalembetsedwa. Kumeneko kuthetsako kumalowetsedwa m'buku. Tumani loya kapena munthu wina wodalirika, ndipo apemphe umboni wodindidwa woonetsa tsiku limene alandira. Ali komweko afufuzenso m'kaundula kuti aone ngati pa nyumbayo sipanalembedwe kale ngongole kapena kusintha kwa umwini. Ngati mukuona kuti malonda ali pafupi, funsani loyayo za kuika chiletso pa nyumbayo m'kaundula kuti pasalembedwe kanthu inu musanamvedwe.

Wachiwiri ndi mng'ono wanuyo. Alandire kope la kalatayo m'manja, asainire kuti walandira, kapena apatsidwe pamaso pa mboni ngati akukana kusaina. Uthenga wa pa foni ungathandize ngati umboni woonjezera, koma musadalire wokhawo. M'kalata yomweyo mupempheni abweze kalata yoyamba ija ndi makope ake onse, chikalata cha umwini ngati chili kwa iye, makiyi, ndi ndondomeko ya ndalama zonse zimene analandira ndi kugwiritsa ntchito. Akapitiriza kusaina m'dzina lanu atadziwitsidwa, zotsatira zake zimagwera iye mwini, ndipo ngati wanamiza anthu kuti apeze ndalama, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Kenaka khalani pansi mukumbukire onse amene anaonetsedwapo kalata yoyamba: banki, wa lendi, khonsolo, wothandiza kupeza anthu a lendi ngati alipo. Aliyense alandire kope. Wa lendi amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi amene amagwira ndalama mwezi ndi mwezi. Akapereka K250,000 ya Epulo kwa mng'ono wanu asanauzidwe kanthu, walipira ndithu, simungamulipiritsenso kachiwiri. Muuzeni polemba kuti kuyambira mwezi wakuti aziika ndalama mu akaunti yakuti. Nchifukwa chake ndimalangiza kuti kuyambira tsiku loyamba muzisunga mndandanda wa malo onse kumene kalata yanu yaperekedwa. Ena amalengezanso m'nyuzipepala. Sizoipa, makamaka ngati kalata inali ya mphamvu zonse ndipo simukudziwa kumene yafika, koma chilengezo sichilowa m'malo mwa kulembetsa ku kaundula.

Cholakwika china chofala ndi kuganiza kuti mukalembera mlongo wanu kalata yatsopano, ya mng'ono wanu ija yafa yokha. Musadalire zimenezo. Yatsopanoyo inene poyera kuti ikuthetsa yakale, ndipo onse aja adziwitsidwebe. Kupanda kutero mukhala ndi anthu awiri, aliyense ndi pepala lake, akukanganirana nyumba imodzi.

Pali mtundu umodzi umene sutheka kuuthetsa mwachisawawa. Ngati munapereka mphamvu monga chikole, mwachitsanzo kwa amene anakukongozani ndalama kuti adzagulitse nyumba mukalephera kubweza, ndipo kalatayo inalembedwa kuti ndi yosathetseka, simungaibweze ngongole isanathe. Mukaona mawu otere m'kalata imene m'bale wakubweretserani kuti musaine, pomwe simunakongole kanthu kwa iye, imani kaye mufunse loya wanuwanu.

Mphamvuzi zimathanso zokha mwini wake akamwalira, akasokonezeka mutu moti sangathenso kupanga ziganizo, kapena khoti likagamula kuti walephera kubweza ngongole zake. Imfa ndiyo imabweretsa mikangano yambiri m'mabanja. Mukamwalira ku Joni, mng'ono wanu sangatulutse kalata ija pamaliro nkunena kuti nyumba ili m'manja mwake. Kuyambira tsiku la imfa, katundu amayendetsedwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndi munthu amene watchulidwa mu wilo kapena amene khoti lamupatsa chilolezo choyendetsa chumacho. Mkazi wamasiye kapena ana apite msanga ndi kalata ya imfa ku banki ndi ku ofesi ya kaundula wa malo, kuti kutha kwa mphamvu kulembedwe pepala lija lisanagwiritsidwe ntchito ndi munthu wodziwa kuti mwini wake kulibe.